Minibasi ya ku Limbe ndi Timawu ta Chingerezi Tomwe Timakana Kumasuliridwa

Chaka china ndikuchonga ntchito ya ana a Fomu 3, ndinakumana ndi chimangirizo cha mtsikana wina amene ankafotokoza chifukwa chimene anafikira mochedwa tsiku lotsegulira sukulu. Ndinamuitana n'kumuuza kuti andisimbire kaye nkhaniyo m'Chichewa. Anati: "Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi ku Limbe. Titafika pa Njuli inawonongeka. Kondakitala anatitsitsa koma sanatibwezere ndalama. Ndinadikira achimwene kuti adzanditenge." Nkhani yake inali yomveka, yopanda pokhota. Koma papepala panali izi:

*In Monday morning I climbed a minibus to Limbe. When we arrived to Njuli it was broken. The conductor dropped us but he did not return us our money. I waited my brother to come and pick me.*

Mwanayu sanali wofooka m'kalasi. Sipelo sanaphonye ngakhale imodzi, ndipo ankadziwa kuti nkhani ya dzulo imafuna aneni a nthawi yakale. Zimene zinamugwetsa ndi timawu ta zilembo ziwiri, zitatu kapena zinayi: *on*, *in*, *to*, *for*, *off*, *up*, *down*, *back*. Tina anatiika pamalo polakwika, tina sanatiike n'komwe. Pa galamala, timawu totere tikatsogolera dzina timatchedwa aperekezi. Tikamamatira kwa mneni n'kumusintha tanthauzo, mabuku a Chingerezi amatcha gulu lonselo kuti *phrasal verb*. Ine pano ndizingoti mneni wa mawu awiri, ngakhale ena amafika mawu atatu.

Cholakwa choopsa kwambiri m'ndime ija chili m'chiganizo choyamba, ndipo mwini wake sanachione mpaka nditamulozera. Iye anakwerera ku Limbe kulowera ku Zomba. Chingerezi chake chikuti ankapita ku Limbe. Ulendo wonse wautembenuza ndi kamawu kamodzi, chifukwa ku pulayimale anaphunzira kuti "ku" ndi *to*.

Tamvani ziganizo zitatu izi: ndikupita ku Zomba, ndili ku Zomba, ndikuchokera ku Zomba. "Ku" sanasinthe. Chimene chikutiuza ngati munthu akulowera kumeneko, wakhazikika kumeneko kapena akuchokako ndi mneni. M'Chingerezi ntchito imeneyo imagwiridwa ndi mperekezi: *to Zomba*, *in Zomba*, *from Zomba*. Ndiye funso loti "ku" m'Chingerezi n'chiyani lilibe yankho. Ndipo kunena zoona, pa, ku ndi mu athu amagwira ntchito mosiyana kwambiri ndi aperekezi a Chingerezi. Iwo amasandutsa dzina kukhala malo, ndipo chiganizo chonse chimawamvera: pamsika pali anthu, kumudzi kuli njala, m'nyumba muli alendo. Akatswiri a zilankhulo amawaika m'magulu a mayina, gulu 16, 17 ndi 18. Wophunzira akalemba m'kope kuti pa ndi *on*, ku ndi *to*, mu ndi *in*, walemba zinthu zimene zimakhoza mwa apo ndi apo, ngati wotchi yakufa imene imalondola kawiri pa tsiku.

Pali katswiri wina wa zilankhulo, Leonard Talmy, amene anaonetsa kuti zilankhulo zimasiyana pa malo amene zimaikapo njira imene chinthu chikulowera. Zina zimaika njirayo mwa mneni mwenimwenimo, zina zimaiponya pa kamawu ka pambali. Chichewa chimakonda njira yoyamba: lowa, tuluka, kwera, tsika, bwerera, woloka. Mawu amodzi, zonse zatha. Chingerezi cha tsiku ndi tsiku chimatenga mneni wopepuka, monga *go*, *come* kapena *get*, n'kumupachika kamawu: *go in*, *come out*, *get on*, *get off*, *go back*, *go across*. Tanthauzo lalikulu lili pa kamawu kaja, komwe khutu la munthu wolankhula Chichewa limakaona ngati kopanda ntchito. N'chifukwa chake mtsikana uja analemba *pick me* n'kuona kuti wamaliza. Koma *pick me* ndi "ndisankheni". Kudzatenga munthu pa galimoto ndi *pick me up*. Chimodzimodzi *drop*: *dropped us* imamveka ndithu m'kalankhulidwe, koma kutsitsa munthu pofika ndi *drop off*, ndipo kutsitsa anthu mowakakamiza galimoto itafa ndi *made us get off*.

Chosokoneza n'chakuti Chingerezi chili ndi aneni ena, amene chinabwereka ku Chifalansa ndi Chilatini, omwe amachita ngati athu. *Enter* wanyamula kale kulowa konse mwa iye yekha, ndiye safuna mperekezi: *enter the house*. Ife poganiza "kulowa m'nyumba" timamupatsa *in* yemwe sanamupemphe. *Discuss* nayenso ndi choncho. Timati "kukambirana za fizi", ndipo "za" ameneyu amatikokera ku *discuss about*, pomwe Chingerezi chimangoti *discuss fees*. Ndiye matenda ndi awiri: kuchotsa kamawu pofunika, ndi kukaika posafunika. Onse awiri gwero lake ndi limodzi, kumasulira liwu ndi liwu.

Mfundo imene inandithandiza ine kuphunzitsa zimenezi ndi iyi: zimene Chingerezi chimachita ndi timawu ta pambali, Chichewa chimachita ndi misintho ya aneni. Chinthucho tili nacho kale, kungoti chathu chimamera m'kati mwa mneni. Taonani msintho womchitira. Phika akhala phikira, gula akhala gulira, lemba akhala lembera. Ndinawaphikira ana nsima ndi *I cooked nsima for the children*. Ka "-ir-" kaja ndi kamene kasanduka *for*. Koma ndinawalembera kalata amayi kawirikawiri ndi *I wrote a letter to my mother*, ndipo *for* angagwire pokhapokha ngati amayiwo satha kulemba ndipo munawalembera m'malo mwawo. Anandibera foni ndi *stole my phone from me*. Msintho umodzi, aperekezi atatu. Mtsikana uja atalemba *I waited my brother*, ankamvera Chichewa chake mokhulupirika: "dikira" safuna womuthandiza, amangolunjika pa munthu. Chingerezi chimafuna *wait for*. Aneni otere ndi ambiri ndipo ndi amene amatigwetsa tsiku lililonse. Kumvetsera wailesi ndi *listen to*, kuyang'ana chithunzi ndi *look at*, kuseka munthu ndi *laugh at*, kufunafuna mbuzi ndi *look for*, kuopa galu ndi *be afraid of*.

Pali msintho wina umene umamasula zomwe zinamangidwa: tseka ndi tsekula, yala ndi yalula, mata ndi matula, vundikira ndi vundukula. Palibe mwana wa Chichewa amene amaphunzira "tsekula" ngati "tseka" kuphatikiza "-ul-". Amawamva ngati mawu awiri osiyana ndipo amawagwiritsa ntchito osaganiza. Ndi mmene mwana wa ku Mangalande amamvera *put on* ndi *take off*, kuvala ndi kuvula. Kwa iye *put on* ndi liwu limodzi lomwe langolembedwa motalikirana. Wophunzira akavomereza zimenezi, amasiya kufunsa kuti *put* akutanthauza chiyani mu *put up with*. Funsolo lili ngati kufunsa kuti "pind" akutanthauza chiyani mu "pindula".

Timawuti sikuti timangobwera mwachisawawa. Tina tili ndi mtima wake umene umaoneka mukatiika pamodzi. *Up* nthawi zambiri amagwira ntchito ya "-ratu" wathu. *Dry* ndi kuuma, *dry up* ndi kuumiratu, ngati chitsime mu Okutobala. *Use up* ndi kugwiritsa ntchito mpaka kutheratu, *eat up* ndi kudya osasiyako, *burn up* ndi kupseratu. *Out* amakonda kuzima ndi kutha: moto *goes out*, shuga m'nyumba *runs out*, nsapato *wear out*. *Down* amakonda kugwa ndi kuleka kugwira ntchito, ndipo apa ndi pamene minibasi ija ikulowa: *it broke down*. Mawu a mtsikana uja akuti *it was broken* akupereka chithunzi cha galimoto imene anaipeza ili yophwanyika kale. *Back* ndiye wosavuta, ndi "bweza" ndi "bwerera": *give back*, *pay back*, *come back*.

Koma musadalire kwambiri mtima wa timawuti, chifukwa pena timatembenuka ngati nyengo ya pa phiri la Mulanje. Magetsi akati *go off* ndiye kuti azima. Alamu ikati *go off* ndiye kuti yayamba kulira. Mkaka ukati *go off*, m'Chingerezi cha ku Britain, ndiye kuti wasasa. *Take off* ndi kuvula, komanso ndi kunyamuka kwa ndege. Ndipo pali awiri amene ndawaona akusokoneza anthu akuluakulu m'makalata a ntchito: msonkhano ukakhala *put off* ndiye kuti ausunthira tsiku lina, ukakhala *called off* ndiye kuti walephereka basi. Mukalakwitsa apa, anthu amakwera njinga kubwera ku msonkhano womwe kulibe. Kuzimitsa getsi nakonso ambiri kuno timati *put off the light*, ndipo timamvana, koma wochonga mayeso a MSCE amayembekezera *turn off* kapena *switch off*, ndipo moto ndi kandulo ndi *put out*.

Tibwerere ku chiganizo choyamba chija, pa *In Monday morning*. Aperekezi a nthawi ali ndi dongosolo ndithu. Ola limatenga *at*, tsiku limatenga *on*, ndipo chilichonse chachikulu kuposa tsiku, monga mwezi ndi chaka, chimatenga *in*. Malawi analandira ufulu *in 1964*, *in July*, koma *on 6 July 1964*, chifukwa mukangotchula tsiku, tsikulo ndiye lalamula. Mtsikana uja ankadziwa *in the morning*, ndipo sanalakwe. Sanadziwe kuti Lolemba likalowapo limalanda ufumu: *on Monday morning*. Pali *at night* amene amangokhala payekha, ndipo ameneyo ngongoloweza. Pa malo, *arrive* salandira *to* ngakhale pang'ono. Mzinda ndi dziko zimatenga *arrive in*, malo ang'onoang'ono ngati siteji, depoti kapena sukulu amatenga *arrive at*. Njuli ngati poima minibasi ndi *arrived at Njuli*, kapena mwachidule *got to Njuli*.

Za kukwera, *climb* ndi wa mtengo ndi phiri. Basi, sitima ndi ndege ndi *get on*, galimoto yaing'ono ndi *get in* kapena *get into*. Lamulo limene aphunzitsi timapereka ndi lakuti ngati ungathe kuimirira n'kuyenda m'katimo, ndi *on*. Mnyamata wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Nanga minibasi, aphunzitsi? Mmene amatipanikizira anayianayi muja, ndani angaimirire?" Kalasi yonse inafa ndi phwete, koma funso lake linali lanzeru. Minibasi ili pa malire, ndipo eni chilankhulo amanena zonse ziwiri. Lamulo lija ndi ndodo yoyendera chabe, pena siifika pansi.

Sindingadutse osatchula "ndi", amene amasenza katundu wa anthu anayi. Ndinapita ndi agogo ndi *with*. Analumidwa ndi galu ndi *by*. Mchere ndi shuga ndi *and*. Uyu ndi mphunzitsi ndi *is*. Ndiye pamene tikuti anakwatiwa ndi msilikali, dzanja limathamangira *married with*, pomwe Chingerezi chimati *married to*. Mukati *married with three children* mwanena kuti ali pa banja ndipo ali ndi ana atatu.

Tsopano mbali imene imaoneka yovuta koma ili ndi mayeso ake achidule. Bwanji timati *pick me up* osati *pick up me*, koma timati *look after him* osati *look him after*? Aneni a mawu awiri ali m'magulu awiri. Ena amalola kupatulidwa: *pick up the children* ndi *pick the children up* zonse n'zabwino. Koma pamtherankhani akakhala mlowam'malo, monga *me*, *him*, *it* kapena *them*, ayenera kulowa pakati basi: *pick them up*, *turn it off*, *give it back*. Ena salola kupatulidwa, chifukwa kamawu kawo ndi mperekezi weniweni amene ayenera kutsogolera dzina lake: *look after him*, *wait for her*, *get on it*. Maso okha sangakuuzeni kuti mneni ali m'gulu liti. Dikishonale yabwino imanena. Mu Oxford Advanced Learner's Dictionary, imene imapezeka m'malaibulale ambiri a sukulu, mneni wolola kupatulidwa amalembedwa ndi kamuvi ka mitu iwiri pakati, kusonyeza kuti pamtherankhani angakhale uku kapena uku. Ana ambiri amakaona kamuviko zaka zinayi osafunsa ntchito yake. Ndipo malo a mlowam'malo angasinthe nkhani yonse. *I saw through him* ndi kuti ndinamutulukira bodza lake. *I saw him through* ndi kuti ndinamuthandiza mpaka anatuluka m'mavuto.

A mawu atatu sapatulika kawirikawiri: *put up with* kupirira, *run out of* kutherwa, *look forward to* kuyembekezera mwachidwi. Womalizayu ali ndi msampha umene umakola pafupifupi kalata iliyonse yofunsira ntchito. *To* wa pamenepa ndi mperekezi, ndiye chotsatira chake chiyenera kukhala dzina kapena mneni wothera ndi *-ing*: *I look forward to hearing from you*. Yesani kuikapo dzina. Ngati *look forward to Christmas* ikumveka bwino, ndiye kuti mneni wobwera pamalo amenewo afuna *-ing*.

Nanga munthu aphunzire bwanji? Njira imene ndinaphunzirira ine, yomwenso ndinayamba kuphunzitsira, inali yolemba pa bolodi mndandanda wa *get*: *get up*, *get on*, *get off*, *get over*, *get by*, *get away*, mpaka bolodi kudzaza. Ndinaisiya. Mawu ofanana nkhope akalowa m'mutu tsiku limodzi amasakanikirana ngati nyemba ndi khobwe m'lichero limodzi, ndipo pofika Lachisanu mwana amakumbukira kuti panali *get* koma osadziwa kuti kamawu kati kanali ka tanthauzo liti. Ndi bwino kuwasonkhanitsa potsata nkhani. Ulendo wa pa minibasi wokha ukupatsani *get on*, *set off*, *break down*, *get off*, *drop off* ndi *pick up*, ndipo aliyense ali ndi malo ake m'nkhanimo, kotero mukaiwala mmodzi nkhaniyo imakukumbutsani. Mawa lake mutenge za kukhitchini, mkuja za ngongole.

Ndipo simukufunika onse. Madikishonale a aneni amenewa ali ndi masauzande, koma mu 2007 Dee Gardner ndi Mark Davies atawerenga mawu a m'nkhokwe yaikulu ya Chingerezi cha ku Britain anapeza kuti aneni 100 okha ndi amene amapanga kuposa theka la malo onse pamene mneni wa mawu awiri amapezeka. Vuto n'lakuti aliyense mwa iwo ali ndi matanthauzo angapo. Ndiye nzeru ndi kuzama pa ochepa, monga *go on*, *pick up*, *come back*, *find out*, *set up* ndi *carry out*, kusiyana n'kuthamangira achilendo omwe simudzakumana nawo.

Kope lake likhale lotere. Pindani tsamba pakati. Kumanja lembani chiganizo chathunthu cha Chingerezi chimene mwachipeza m'nyuzipepala, m'buku kapena mwachimva pa wailesi, osati chopeka nokha, chifukwa chopeka chimabwera ndi zolakwa zanu zomwe. Ngati mneniyo ndi wa mawu awiri, lembani pansi pake kachiganizo kena kokhala ndi mlowam'malo, monga *they called it off*, kuti malo ake akhazikike m'khutu. Kumanzere lembani mmene munganenere zimenezo kwa mnzanu m'Chichewa chenicheni, osatsata mawu a Chingereziwo. Mawa lake phimbani kumanja, werengani Chichewacho, ndipo lembani Chingerezi kuchokera m'mutu. Mukatsegula musayang'ane mawu akuluakulu. Yang'anani timawu tating'ono tokha, n'kuzunguliza ndi cholembera pamene mwaphonya. Bwerezani patatha masiku atatu, kenako sabata. Ziganizo zisanu pa tsiku n'zokwanira. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imakuikani pamalo enieni pamene mumagwera, pochoka ku Chichewa kupita ku Chingerezi. Mafunso odzaza mipata amakupatsani mpata woonekeratu, pomwe vuto lathu lalikulu ndi kusadziwa kuti pamenepo payenera kukhala kanthu.

Patapita milungu iwiri kapena itatu, zozunguliza zija zimayamba kukuuzani matenda anu. Wina amapeza kuti amataya *for* ndi *to* pambuyo pa aneni, wina kuti amaika *about* paliponse pamene Chichewa chili ndi "za". Mukadziwa lanu, powerenganso zimene mwalemba muziima pa mneni aliyense n'kumufunsa mafunso awiri: kodi m'Chichewa mneni ameneyu ali ndi "-ir-" kapena "-er-", kapena wanyamula kulowa, kutuluka, kutsika ndi kubwerera? Ngati ndi choncho, mwina Chingerezi chikufuna kamawu pamenepo. Ndipo kodi "ku", "ndi" kapena "za" amene ndamumasulirayu ndamumasulira chifukwa Chingerezi chikumufuna, kapena chifukwa anali m'mutu mwanga?

Mtsikana uja ndinamuuza kuti achite zimenezi ndi ndime yake yomwe ija, mneni ndi mneni. Zinatitengera nthawi yonse yopuma. Pomaliza analemba kuti:

*On Monday morning I got on a minibus in Limbe. When we got to Njuli it broke down. The conductor made us get off but did not give us our money back. I waited for my brother to pick me up.*

Anaiwerenga kawiri, kenako anati, "Koma aphunzitsi, mawu ake ndi ophweka kuposa amene ndinalemba aja." Ankanena zoona. *Climbed*, *arrived* ndi *return* anachoka, m'malo mwake munalowa *got*, *got* ndi *give*, mawu a Sitandade 3. Sabata yotsatira anabwera ndi chimangirizo china chimene munali *we discussed about it*, ndipo anachizunguliza yekha ndisanatenge cholembera chofiira.